Mmene chithunzi cha pafoni chimasandukira chojambula cha nyumba

Mmisiri womanga akafuna kufotokozera mwininyumba mmene chipinda chowonjezera chidzaonekere, kawirikawiri amatola kamtengo n'kulemba pansi, kapena amangoloza m'mwamba ndi dzanja: "Bwana, denga lidzatsika chonchi, chitseko chidzayang'ana uku." Mwininyumba amagwedeza mutu, koma nyumba imene ili m'mutu mwake si imene ili m'mutu mwa mmisiri, ndipo kusiyanako kumadzaoneka simenti itauma kale. Wotsatsa nyumba ya lendi kapena yogulitsa naye ali ndi vuto lakelake. Chithunzi chimene watola chili ndi galimoto pakhomo, zovala pachingwe, ndi mthunzi wa mtengo wa mango umene wadetsa theka la khoma. Onse awiri chimene akusowa ndi chojambula cha mizere yoyera, choonetsa nyumbayo payokha, kuti munthu akangochiyang'ana amve.

Zojambula zotere zilipo za mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. China chimatsata chithunzi mmene chilili: wojambula amadutsa pamizere ya nyumba, n'kusiya zinyalala zonse. China ndi chimene amisiri a mapulani amachitcha aisometiriki, chimene chimaonetsa nyumba chapamwamba, makoma awiri ndi denga zikuonekera pamodzi. Choyambacho mungachikope kuchokera pa chithunzi. Chachiwiricho simungachikope ngakhale mutakhala ndi foni yodula bwanji. Chimamangidwa mwatsopano kuchokera pa miyezo, ndipo ntchito ya chithunzi ndi kukupatsani miyezoyo basi. Amene wamvetsa zimenezi amapulumuka ku zolakwika zambiri zimene timaziona pa mapepala otsatsa nyumba.

Chifukwa chake kamera siingatulutse aisometiriki

Imani pakati pa msewu wowongoka n'kuyang'ana kutsogolo. Mbali ziwiri za msewu, zimene mukudziwa kuti sizikumana, zimaoneka zikuyandikana mpaka kukumana kutali. Kamera imaona chimodzimodzi. Mukatola chithunzi cha nyumba mutaima pakona, kona yapafupi imaoneka yaitali, yakutali yaifupi, ngakhale zonse zili ndi mizere ya njerwa yofanana. Zenera loyamba limaoneka lalikulu kuposa lachitatu. Ndiye kuti pa chithunzi, sentimita imodzi ya kumanzere siikuimira utali womwewo ndi sentimita imodzi ya kumanja.

Aisometiriki imakana zonsezo. Mizere yoima imajambulidwa chilili. Mizere ya mulitali ndi ya mulifupi mwa nyumba imakwera pa madigiri 30 kuchokera pa mzere wogona, ina kumanja, ina kumanzere, ndipo siiyandikana ngakhale ipite patali bwanji. Mbali zitatuzi, mulitali, mulifupi ndi msinkhu, zimayezedwa ndi sikelo imodzi, moti mita imodzi ya pakona yapafupi ndi yofanana ndi mita imodzi ya pakona yakutali. Amene anaika malamulo a kajambulidwe aka poyera anali William Farish, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cambridge, m'chaka cha 1822. Iye ankafuna kuti wolumikiza makina athe kuona mbali zitatu pa pepala limodzi n'kutengapo miyezo. Chosowa cha mmisiri womanga ndi chomwecho, n'chifukwa chake kajambulidwe aka kamaphunzitsidwabe m'makoleji a ntchito zamanja.

Pali kusiyana kwina kumene ambiri sakuganizira. Wotola chithunzi amaima pansi, foni ili pamsinkhu wa pafupifupi mita imodzi ndi theka. Aisometiriki imayang'ana nyumba kuchokera pamwamba, motsetsereka pafupifupi madigiri 35, ngati munthu amene wakwera mumtengo wautali kuseri kwa mpanda. Kuchokera pamenepo denga limaoneka lonse. Ngati denga silinatsetsereke kupyola madigiri 45, ndipo madenga athu a malata kawirikawiri safika pamenepo, mbali yakuseri ya denga imaonekanso. Kamera ya munthu woima pabwalo siinaione mbali imeneyo. Kaya kuli giza ya sola, kaya chumuni cha kukhitchini, chithunzi chilibe mawu. Mapulogalamu a pafoni amene amasandutsa chithunzi kukhala ngati cha pensulo sangakonze zimenezi. Iwo amangofufuza pamene kuwala kwakumana ndi mdima n'kulembapo mzere, choncho amajambula masamba a mango, mawaya a magetsi ndi m'mphepete mwa mthunzi mwakhama lofanana ndi la kona ya nyumba, ndipo makoma amakhalabe opendekeka monga analili.

Tsiku lokatola zithunzi

Tiyerekeze nyumba imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Ndi ya makona anayi, yomangidwa ndi mabuloko a simenti, denga la malata lotsikira mbali ziwiri, gebulo ili kumbali yaifupi. Mwini wake akufuna kuwonjezera chipinda, ndipo mmisiri akufuna kumuonetsa kaye papepala.

Chithunzi chimodzi sichikwana. Pakufunika chithunzi cha khoma lililonse, chotoledwa mutaima moyang'anizana ndi pakati pa khomalo, kenaka china cha pakona choonetsa makoma awiri. Imani patali momwe bwalo likulolera. Foni zambiri zili ndi batani lolembedwa 0.5x lothandiza kuti nyumba yonse ikwane muli pafupi. Musalikhudze, chifukwa limatambasula zinthu za m'mphepete, ndipo nthawi zina limapinda mizere yowongoka. Kuli bwino kubwerera m'mbuyo n'kugwiritsa 1x kapena 2x. Foni iime chilili, osaiweramitsa kapena kuipenyetsa kumwamba. Mukangoipenyetsa kumwamba kuti denga likwane, makona a nyumba amayamba kuyandikana chakumtunda, nyumba n'kumaoneka ngati ikugwa chagada. Ngati denga silikukwana, yankho ndi kubwereranso m'mbuyo. Nthawi yabwino ndi ya mitambo kapena m'mawa, chifukwa dzuwa la masana limaponya mthunzi wakuda pansi pa denga, n'kubisa pamene khoma lathera.

Ngati zithunzi akukutumizirani wina pa WhatsApp, apempheni kuti atumize ngati Document. Akatumiza mwa masiku onse, pulogalamuyo imachepetsa chithunzi, mizere ya pakati pa mabuloko n'kufufutika, pamene mizereyo mudzaifuna powerenga.

Tepi musaiiwale. Miyezo yofunika kwenikweni ndi itatu: mulitali, mulifupi, ndi kuchokera pansi kufika pamene khoma lakumana ndi denga. Nyumba yathu yapezeka kuti ndi mamita 12 mulitali, mamita 8 mulifupi, ndipo khoma ndi mamita 2.8. Yezaninso mmene denga latulukira kunja kwa khoma. Pa nyumba yathu ndi mamilimita 600. Ngati khoma silinapakidwe pulasitala, mabuloko amakuthandizani kutsimikiza. Buloko yodziwika kwambiri, pamodzi ndi simenti yolumikizira, imatenga mamilimita 400 mulitali ndi 200 msinkhu, choncho khoma la mamita 8 liyenera kukhala ndi mabuloko 20 pamzere, ndipo msinkhu wa mamita 2.8 ndi mizere 14. Koma yezani kaye mabuloko asanu otsatizana musanadalire zimenezi, poti oumba amasiyana. Njerwa zootcha ndiye musaziyese n'komwe muyezo, chifukwa kukula kwake kumatengera chikombole cha woumba ndi dzanja la womanga. Chitseko nachonso anthu amakonda kuchiyesa muyezo, poganiza kuti zitseko zonse ndi mamita awiri ndi pang'ono. Nthawi zambiri zimatero, koma chitseko chopangitsa kwa kalipentala kapena wowotcherera chimatha kusiyana, ndipo kuphonya pang'ono pa chitseko kumakula mukakuchulukitsa pa khoma lonse.

Kuwongola khoma kuti liyezeke

Ngakhale musamale chotani, khoma la pa chithunzi limakhala lopendekeka pang'ono. Liyenera kuwongoledwa lisanayezedwe. Pulogalamu yaulere ya pakompyuta ya GIMP ili ndi chida chotchedwa Perspective. Mukachisankha, pa Direction ikani Corrective (Backward), kenaka kokerani timakona tinayi ta chidacho pa makona anayi a khoma, awiri pansi ndi awiri pamene khoma lathera. Pulogalamuyo imakoka chithunzi mpaka khomalo litakhala la makona owongoka.

Apa pali msampha umene umagwira ambiri. Khoma likawongoka, sikuti mulifupi ndi msinkhu zagwirizana. Likhoza kukhala lowongoka bwinobwino koma lotalika kapena lofupika kuposa mmene lilili. N'chifukwa chake tinayeza mbali ziwiri ndi tepi. Pa khoma la gebulo, sinthani kukula kwa chithunzi mpaka mamita 8 atenge mapikiselo 1600, amene ndi timadontho timene chithunzi chimapangidwa nato. Pamenepo mita imodzi ndi mapikiselo 200, ndipo msinkhu wa mamita 2.8 uyenera kukhala mapikiselo 560. Mukayeza n'kupeza 610, dziwani kuti chithunzi chatalika, ndipo chifupikitseni msinkhu wokha mpaka 560.

Zikatero chithunzi chasanduka tepi. Zenera la pakhomalo latenga mapikiselo 300 mulifupi, ndiye kuti ndi mamita 1.5. Msinkhu wake ndi 240, kutanthauza mamita 1.2, ndipo layambira pa 180 kuchokera pansi, amene ndi mamilimita 900. Chofunika kuposa zonse, chimene simukanachifikira popanda makwerero, ndi nsonga ya gebulo. Ili mapikiselo 320 pamwamba pa khoma, ndiye kuti denga lakwera mamita 1.6 pa mtunda wa mamita 4, kuchokera pakona kufika pakati. Kumeneko ndi kutsetsereka kwa pafupifupi madigiri 22.

Malire a njirayi ayenera kudziwika bwino. Miyezo imakhala yoona pa zinthu zokhazo zimene zili pankhope ya khoma limene mwawongola. Chilichonse chotulukira kutsogolo chimaoneka chachikulu. Ngati munaima mamita 15 kuchokera pakhoma, ndipo mzati wa khonde uli mamita 2 kutsogolo kwa khomalo, mzatiwo uli mamita 13 okha kuchokera pa kamera, ndipo umaoneka wokula ndi magawo 15 pa 100 alionse. Mzati wa mamita 2.4 udzayezeka ngati wa pafupifupi 2.8. Denga nalo, mukaliyang'ana kuchokera kumbali yaitali, lagonera kutali ndi kamera, choncho limaoneka lalifupi. Msinkhu wa denga utengeni pa gebulo pokha. Mizati, masitepe ndi mpanda ziyezeni ndi tepi pazokha.

Amene alibe kompyuta asataye mtima. Sindikizani chithunzi cha khoma chimene chinatoledwa mosamala, yezani ndi lula, n'kuwerengera mwa njira yomweyo, mulifupi pawokha, msinkhu pawokha. Pa chojambula chongoonetsa kasitomala, kuphonya ndi masentimita asanu pa zenera sikuvulaza munthu.

Kumanga nyumbayo papepala

Tengani pepala la A4 moligoneka, pensulo yolimba, lula ndi setisikweya ya madigiri 30 ndi 60. Sikelo yosavuta ndi 1:100, imene mita imodzi imakhala sentimita imodzi. Nyumba yathu ikhala mamilimita 120 mulitali, 80 mulifupi, ndi 28 msinkhu wa khoma. Chifukwa mizere ikukwera mopendekeka, chojambula chonse chitenga pafupifupi masentimita 17 ndi theka kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndi masentimita 13 kapena 14 kukwera, choncho chikwana bwino. Ikani dontho masentimita 13 kuchokera kumphepete ya kumanzere ndi masentimita 4 kuchokera pansi. Dontho limeneli ndi phazi la kona imene yayandikira woona.

Kuchokera pa donthopo lembani mzere wokwera kumanja pa madigiri 30, wotalika mamilimita 120, ndi wina wokwera kumanzere pa madigiri 30, wotalika 80. Imikani mizere ya mamilimita 28 pa makona atatu amene akuoneka, n'kulumikiza mitu yake. Muli ndi bokosi. Nyumba iliyonse, ngakhale yokhotakhota, imayamba ngati bokosi kapena mabokosi angapo ogundana, ndipo mazenera ndi zitseko zimabwera bokosi litakhala bwino. Zenera lija lijambuleni poyeza motsata mzere wa khoma: mamilimita 15 mulifupi motsata kupendekeka kwa madigiri 30, mamilimita 12 chilili, kuyambira mamilimita 9 kuchokera pansi. Mutu ndi phazi la zenera ziyenera kuyenda limodzi ndi mzere wa pansi pa khoma. Zenera lojambulidwa ndi mizere yogona pa khoma lopendekeka ndi chizindikiro choyamba cha wophunzira kumene.

Denga ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa mizere yotsetsereka siitsata mbali zitatu zija, ndipo siingayezedwe ndi lula mwachindunji. Musayese kuika madigiri 22 papepala. M'malo mwake pezani pakati pa mutu wa khoma la gebulo, mamilimita 40 kuchokera pakona, kwerani chilili mamilimita 16, ikani dontho. Imeneyo ndi nsonga. Ilumikizeni ndi makona awiri a khoma. Kuchokera pansongapo lembani msana wa denga, mamilimita 120, woyenda limodzi ndi khoma lalitali. Potulutsa denga kunja kwa khoma chitaninso chimodzimodzi: tulukani mamilimita 6 motsata mzere wa mulifupi, tsikani mamilimita awiri ndi theka, poti denga lotsika mamita 1.6 pa mamita 4 limatsika mamilimita 240 pa mamilimita 600.

Tsopano ikani lula pa mizere iwiri yotsetsereka ya gebulo, muone chodabwitsa. Pa nyumba yeniyeni mbali ziwirizi n'zofanana, iliyonse mamita 4.3 kuchokera pakhoma kufika pansonga, zimene pa sikelo yathu zikanakhala mamilimita 43. Papepala yapafupi yatuluka mamilimita 50, yakutali 35. Simunalakwitse. Umo ndi mmene aisometiriki imachitira ndi mzere uliwonse wopingasa. Koma taganizani za mwininyumba amene watenga chojambulacho, wayeza ndi lula ya mwana wake, n'kupita kukaitanitsa malata. Akayeza mbali yakutali adzagula malata osafika. Ine ndimaona kuti wojambula aliyense ali ndi udindo wolemba utali weniweni wa denga ndi manambala pambali pake, kapena kulemba poyera kuti malata asayezedwe papepalapo. Zozungulira nazo zimasintha: pakamwa pa thanki ya madzi sipajambulidwa mozungulira ndendende koma mophwatalala.

Wofuna kuchita zimenezi pakompyuta angagwiritse Inkscape, imenenso ndi yaulere. Mu Document Properties, pa Grids, muli Axonometric grid, imene imayala mizere ya madigiri 30 pa tsamba lonse, ndipo ntchito imakhala yomweyi ya papepala. Amene ali ndi SketchUp ya pakompyuta angamange nyumbayo yathunthu pamwamba pa chithunzi cha pakona ndi Match New Photo, kenaka n'kusankha Parallel Projection ndi Iso. Pamenepo chithunzi chikhale chosadulidwa m'mbali, chifukwa chikadulidwa pakati pake pamasuntha ndipo mizere siigwirizananso. Mukaiwala Parallel Projection, nyumba imaoneka chapamwamba ndithu, koma mizere yake imakhala ikuyandikana ngati ya pa kamera.

Bokosi ndi denga zikatha, chimene chimapatsa chojambula nkhope ya katswiri ndi kusiyanitsa kunenepa kwa mizere. Mzere wozungulira nyumba yonse ukhale wonenepa, wa cholembera cha 0.7. Makona a mkati, mazenera ndi zitseko zikhale za 0.35. Mizere ya malata ndi ya mabuloko ikhale yopyapyala, ya 0.18, ndipo musaijambule yonse. Mizere yochepa ya malata pafupi ndi msana ndi m'mphepete imakwana kuuza diso kuti ili ndi denga la malata. Detsani pang'ono khoma limodzi, linalo likhale loyera, kuti nyumba ioneke kuti ili ndi thupi. Chipinda chowonjezera chija chijambulidwe ndi mtundu wina, wofiira mwachitsanzo, kuti mwininyumba asiyanitse chimene chilipo ndi chimene akukalipira.

Pamene aisometiriki siithandiza

Yang'anani khoma lalitali la chojambula chathu. Denga latsekereza mitu ya mazenera ndi ya chitseko. Chifukwa chake n'chakuti mu aisometiriki, chinthu chotulukira kutsogolo kwa khoma chimabisa gawo la khomalo lofanana ndi mmene chatulukira. Denga lathu latuluka mamilimita 600 ndipo latsika 240, choncho labisa mamilimita 840 a kumtunda kwa khoma. Khoma la mamita 2.8 likuoneka kufika pa mamita 1.96 okha, pamene mitu ya mazenera ili pa mamita 2.1. Pa nyumba yathu zimenezo n'zopiririka.

Nanga nyumba ya khonde lalikulu, lotuluka mamita awiri? Denga la khondelo lidzabisa mamita awiri a khoma, kuwonjezapo kutsika kwake. Chitseko chakutsogolo, mazenera a pabalaza, zonse zimene mwini wake amanyadira, zidzakwiririka, ndipo wogula adzangoona malata. Ambiri akaona zimenezi amayamba kubera: amakweza denga, amafupikitsa khonde, kuti chitseko chioneke. Akatero ajambula nyumba ina. Kwa mmisiri, njira yoona ndi kujambula khondelo denga lake litachotsedwa, kapena kulilemba ndi mizere yodukaduka kuti za pansi zioneke. Koma potsatsa malonda, maganizo anga ndi akuti nyumba ya khonde isajambulidwe mu aisometiriki n'komwe. Wogula amafuna kuona nyumba mmene adzaionere akamalowa pageti, ndipo chimene chimamupatsa zimenezo ndi chojambula chotsata chithunzi. Aisometiriki imagwira bwino ntchito poonetsa mmene zinthu zakhalira papuloti: nyumba yaikulu apa, nyumba ya antchito kuseri, thanki, mpanda, pamene galimoto ingaime.

Chotsata chithunzi n'chosavuta, koma nacho chili ndi mwambo wake. Tengani chithunzi cha pakona chija, muwongole mizere yoima kuti makona onse aime chilili, musindikize, n'kuyala pepala loonekera mkati pamwamba pake. Pepala wamba nalo limatheka mukaligunditsa pa galasi la zenera masana. Musayambe ndi kutsata mzere uliwonse ndi dzanja. Yambani ndi lula: talikitsani mzere wa pansi pa khoma ndi wa pamutu pa khoma mpaka ikumane, ngakhale kunja kwa pepala, pa pepala lina lomatiza. Chitani chimodzimodzi ndi khoma linalo. Madontho awiri okumanirawo ayenera kukhala pa mzere umodzi wogona, umene uli pamsinkhu pamene panali kamera. Mizere yonse yogona ya khoma limodzi, ya mazenera, ya chitseko, ya denga, iyenera kuloza ku dontho lake. Phindu lake limaoneka pamene galimoto kapena mtengo wabisa gawo la nyumba: simulota, mumangopitiriza mzere kulowera ku donthoko. Mukafuna pakati pa khoma, musagawe ndi lula, poti theka lapafupi limaoneka lalikulu. Lembani mizere iwiri yopingasa kuchokera kona kufika kona. Pamene yadutsana ndiye pakati, ndipo nsonga ya gebulo iyenera kukhala pamwamba pa malo amenewo.

Zimene mungachotse ndi zimene muyenera kusiya

Chojambula chimalola wojambula kusankha, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene imandidetsa nkhawa pa malonda a nyumba. Galimoto, chingwe cha zovala, mulu wa mchenga, zimenezo zichotseni, poti mawa sizidzakhalapo. Koma mtengo wa magetsi umene waima pafupi ndi geti, khoma la oyandikana nawo limene lili mita imodzi kuchokera pazenera la kuchipinda, ngalande yodutsa kumaso, izo wogula adzakhala nazo zaka zonse. Kuzichotsa n'kuikapo kapinga ndi maluwa ndi kunamiza munthu, makamaka wachibale amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, amene akutumiza ndalama atangoona pepala. Mng'alu wa pakhoma suoneka pa chojambula cha mizere, n'chifukwa chake chithunzi chenicheni chiyenera kukhala pambali pa chojambulacho nthawi zonse, ndipo pansi pake palembedwe kuti ichi ndi chojambula, chotengedwa pa zithunzi za mwezi wakuti. Ngati nyumbayo muli anthu a lendi, apempheni musanatole zithunzi, ndipo nkhope zawo ndi nambala ya galimoto yawo zisaoneke pa chithunzi chotsatsira.

Kwa kasitomala wa mmisiri, chojambulachi ndi chokambirana chabe. Sichionetsa maziko, kunenepa kwa makoma, matabwa a denga kapena mapaipi, ndipo sichilowa m'malo mwa pulani imene khonsolo ya mzinda imafuna isanalole kumanga kapena kuwonjezera nyumba. Ndi bwino kuzilemba zimenezi papepala pomwepo.

Musanachipereke, chiyeseni. Ikani setisikweya pa mizere itatu kapena inayi ya mbali imodzi, muone ngati yonse ili pa madigiri 30. Yezani kona yapafupi ndi yakutali: mu aisometiriki ziyenera kufanana, pamene mu chotsata chithunzi yakutali iyenera kuchepa. Zikasakanikirana, nyumba imaoneka yopotoka ngakhale woona sangathe kunena chimene chalakwika. Werengani mazenera ndi zitseko za khoma lililonse, mufananize ndi zithunzi, chifukwa zenera laling'ono la kubafa limaiwalika kawirikawiri. Pomaliza, musangolemba kuti 1:100 n'kusiya. Kosindikizira mapepala amakonda kusankha Fit to page, chojambula n'kuchepa pang'ono, ndipo chikatumizidwa pafoni sikelo imatheratu. Lembani kamzere ka mamilimita 50 motsata umodzi wa mizere ya madigiri 30, kogawidwa pasanu, n'kulembapo kuti ndi mamita 5. Pepala likakula kapena kuchepa, kamzereko kamakula kapena kuchepa nalo limodzi, ndipo makoma amayezekabe.